Kuvomera gawo la ngongole n'kukana lotsalalo: mmene mungalembere yankho lanu kukhothi

Funso: Ndine mayi wa ku Matawale muno mu Zomba. Kontirakitala amene anandimangira nyumba wandisumira kukhothi lalikulu ndipo akufuna K11,500,000 ndi chiwongoladzanja pamwamba. Tinalemberana kuti nyumba ndi K18,000,000. Iye akuti ndinalipira K10,000,000 yokha, koma ine ndinalipira K12,000,000, chifukwa K2,000,000 ndinatumiza pafoni kwa kapitawo wake, iye atandiuza kutero. Akufunanso K3,500,000 ya mpanda, pamene mpandawo unali m'kati mwa mtengo. Denga linkadontha ndipo ndinalikonzetsa ndi K1,800,000. Sindikukana kuti ndili naye ngongole, koma si yonseyi. Ndiyankhe bwanji osadzimangirira ndekha?

Yankho: Mayi, musanagwire cholembera, pezani kaye tsiku limene chisamani chinafika m'manja mwanu ndipo mulilembe pamalo poti simungaiwale. Malamulo a 2017 oyendetsera milandu yosakhudza upandu m'khothi lalikulu amakupatsani masiku 14 oti mudziwitse khothi ngati mukufuna kulimbana ndi mlanduwo, ndi masiku 28 oti mupereke chikalata chodzitetezera, ndipo masiku onsewa amawerengedwa kuchokera tsiku lomwe munalandira chisamanicho, osati tsiku lomwe mwapeza loya. Masikuwa akadutsa muli chete, wodandaula akhoza kupempha chigamulo cha ndalama yonse popanda kumva mbali yanu, ndipo kuchotsetsa chigamulo chotero kumafuna pempho lina, zifukwa zomveka za kuchedwa kwanu, ndi ndalama zina. Kukambirana ndi kontirakitalayo kapena kutumiza ankhoswe sikuimitsa masikuwa, choncho ngakhale mukuona kuti mukhoza kumvana, chikalata chanu chikalowe ku ofesi ya khothi munthawi yake.

Pali njira ziwiri zimene anthu a nkhani ngati yanu amakonda kutenga, ndipo zonse ziwiri zimapweteka. Yoyamba ndi kukana chilichonse ndi chiganizo chimodzi, poganiza kuti wokana zonse sagwidwa. Gawo 7 la malamulo ndatchula aja linatseka njira imeneyi: limanena kuti woyankha mlandu ayenera kuyankha mfundo iliyonse ya dandaulo payokha ndipo asakane dandaulo mwachisawawa, kuti akakana mfundo anene zimene iye akuti zinachitika, ndiponso kuti mfundo imene sanaikane idzatengedwa kuti waivomera. Chikalata chongoti "ndikukana zonse, wodandaula abweretse umboni" chikhoza kutayidwa, kapena wodandaula akhoza kupempha chigamulo chamsanga ponena kuti mulibe chodzitetezera chenicheni. Komanso mukakana ngakhale kuti munalemberana pangano, pamene siginecha yanu ili papepala, jaji adzayamba kukayikira mawu anu pa zinthu zina zimene mukunena zoona. Njira yachiwiri ndi ya mtima wabwino, yolemba kuti "ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole kwa bamboyu koma ndalama akutchulayo yachuluka." Mawu amenewa ndi oopsa kuposa mmene amamvekera, chifukwa mwavomera ngongole osaika malire ake, ndipo loya wa mbali inayo adzauza khothi kuti nkhani ya mangawa yatha, chatsala n'kungowerengera.

Chimene ndikufuna mutenge pano ndi chakuti kuvomera kwanu kukhale ndi nambala yake yeniyeni, ndipo kwacha iliyonse imene ili kunja kwa nambalayo ikhale ndi chifukwa chake chokanira, cholembedwa moonekeratu. Kuti zimenezi zitheke, ndalama yofunidwayo muyenera kuiphwanya kaye. Mu K11,500,000 muli zidutswa zinayi. Muli K3,500,000 ya mpanda, muli K2,000,000 imene inapita kwa kapitawo, muli K1,800,000 ya denga, ndipo chotsala ndi K4,200,000 imene mulibe nayo chonena. Mukaphatikiza zinayizi mubwerera ku K11,500,000 ndendende, ndipo ndikukulangizani kuti masamu amenewa muwaonetse m'chikalata chanu, chifukwa jaji akaona kuti manambala a mbali zonse ziwiri akukumana, amadziwa msanga pamene pali mkangano. Zidutswa zitatu zokanidwazo sizikanidwa mofanana. Pa mpanda mukuti ngongoleyo sinakhalepo n'komwe, pa ndalama ya kapitawo mukuti inalipo koma munalipira, pamene pa denga mukuti ilipo koma iyenera kuchotsedwa chifukwa naye ali ndi mangawa kwa inu. Mukazisakaniza m'ndime imodzi yodandaula, zonse zitatu zimafooka.

Tsopano tengani chikalata cha dandaulo chimene chinabwera ndi chisamani, chomwe chili ndi ndime zokhala ndi manambala, ndipo muzitsate imodziimodzi. Pa ndime iliyonse muli ndi mayankho atatu okha: kuvomera, kukana n'kunena zimene zinachitika, kapena kunena kuti nkhaniyo simukuidziwa ndipo mulibe njira yoidziwira. Yankho lachitatuli lili ndi malo ake ochepa. Ngati kontirakitala walemba kuti anakongola ndalama kwina kuti agulire simenti, mukhoza kunena kuti simukudziwa, popeza simunalipo. Koma simunganene kuti simukudziwa ngati mpanda unamangidwa, pamene mumatsegula geti lake m'mawa uliwonse.

Ndime zoyambirira nthawi zambiri zimakhala zosavuta, monga zonena kuti iye ndi womanga nyumba, kuti inu ndinu mwini puloti, ndi kuti munalemberana pangano la K18,000,000. Zivomereni mwachidule, koma werengani liwu lililonse musanatero, chifukwa maloya amatha kuika mfundo ziwiri m'ndime imodzi, ina yoona ina yotsutsika. Tiyerekeze kuti ndime 3 ikunena kuti munagwirizana zomanga "nyumba yokha" pa mtengo umenewo. Mukalemba kuti ndime 3 mukuivomera, ndiye kuti nkhani ya mpanda mwaigonja musanayambe. Yankho loyenera likhale motere:

"Woyankha akuvomera ndime 3 pokhapokha pa mfundo yakuti mbali ziwirizi zinachita pangano lolembedwa pa tsiku lotchulidwalo, pa mtengo wa K18,000,000. Akukana kuti panganolo linali la nyumba yokha, ndipo akunena kuti mtengowo unaphatikiza nyumba ndi mpanda wa njerwa wozungulira puloti, monga mmene pulani yomwe inali mbali ya panganolo ikuonetsera."

Ndalemba m'Chichewa kuti mumve mmene ganizo likuyendera, koma chikalata chenicheni chidzalembedwa m'Chingerezi, chomwe ndi chilankhulo cha zikalata za khothi. Chofunika kuona ndi mawu akuti "pokhapokha pa mfundo yakuti", amene amaika malire pa kuvomera kwanu kuti kusafalikire ku ndime yonse. Chimodzimodzi pa ndime imene ikunena kuti iye anagwira ntchito yonse bwino lomwe n'kuimaliza: vomerani kuti nyumba anaimanga ndipo munalowamo, koma kanani kuti anaigwira mwaluso loyenera, n'kulozera ku ndime yanu ya denga.

Nkhani ya mpanda ndiyo ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi chidutswa chachikulu mwa zokanidwa ndipo ndi pamene kusiyana kwa kuvomera chochitika ndi kuvomera mangawa kumaonekera bwino. Mpanda ulipo, anamanga ndi iyeyo, ndipo zimenezi muzivomere mosabisa. Chimene mukukana n'chakuti inali ntchito yowonjezera yoyenera malipiro apadera. Mphamvu ya kukana kwanu ili m'mapepala, ndipo ndikupemphani muwawerenge ndi maso a mdani wanu. Ngati panganolo kapena pulani kapena mndandanda wa zipangizo ukutchula mpanda, muli pabwino, ndipo tchulani ndime yake yeniyeni. Ngati mapepala onse ali chete ndipo mukudalira zimene munalankhulana mutaima pa puloti, musalembe kuti pangano lolembedwa likutchula mpanda, chifukwa pepalalo lidzawerengedwa m'khothi ndipo mudzachita manyazi. Lembani zoona zake, kuti munagwirizana pakamwa, tsiku liti, pamalo pati, ndi amene analipo, podziwa kuti khothi silifulumira kulola mawu apakamwa kuwonjezera pa pangano limene likuoneka kuti linalembedwa lathunthu. Fufuzaninso mauthenga a pafoni yanu ndi ya bambo a kunyumba ngati iwo ankalankhula naye, popeza uthenga umodzi wakuti "mangani mpanda, tidzaonana pamapeto" ukhoza kusintha mlandu wonse, ndipo ndi bwino loya wanu audziwe lero kusiyana n'kuti akaumve koyamba pamaso pa jaji.

Pano malamulo amakulolani kuika chodzitetezera chachiwiri kumbuyo kwa choyamba, popanda kufooketsa choyambacho. Mukhoza kulemba kuti:

"Mwa njira ina, ngati khothi lingapeze kuti mpanda unali ntchito yowonjezera, chimene woyankha akukana, woyankha akunena kuti mbali ziwirizi sizinagwirizanepo mtengo wa K3,500,000 kapena mtengo wina uliwonse, ndipo wodandaula angayenere kulandira mtengo woyenera wa ntchitoyo basi, umene ayenera kuutsimikizira."

Anthu ambiri amaopa ndime yotere poganiza kuti ikumveka ngati kuvomera mozembera. Sizili choncho, malinga mawu akuti "chimene woyankha akukana" alipo. Phindu lake n'lakuti mukagonja pa funso loyamba, simugwa mpaka pansi, chifukwa kontirakitala ayenerabe kuonetsa kutalika kwa mpanda, njerwa, simenti, mchenga ndi malipiro a amisiri, ndipo mwina mtengo woyenera ungapezeke wochepera K3,500,000. Mukaisiya ndimeyi, jaji akhoza kunena kuti mtengowo simunautsutse. Chimene simuloledwa ndi kunena zochitika ziwiri zimene mukudziwa kuti chimodzi n'chabodza, monga kuti simunamuuze kumanga mpanda komanso kuti munamuuza n'kumulipira.

Pa K2,000,000 ya kapitawo, dziwani kuti mtolo wa umboni uli pamutu panu. Kawirikawiri wodandaula ndiye amatsimikizira dandaulo lake, koma munthu akavomera kuti ngongole inalipo n'kunena kuti analipira, ndiye ayenera kuonetsa kulipirako. Ndipo kwa inu sikokwanira kuonetsa kuti ndalama inatuluka pafoni panu, popeza sinapite m'manja mwa mwini ngongole. Mfundo imene mlandu udzatembenukirepo ndi yakuti kapitawoyo analandira m'malo mwa bwana wake, bwanayo atalamula. Choncho ndime yanu itchule malipiro onse ndi masiku ake, kenako inene kuti pa tsiku lakutilakuti wodandaula, kudzera pa foni kapena uthenga, anauza woyankha kuti atumize K2,000,000 ku nambala ya kapitawo wake, ndipo woyankha anatumiza tsiku lomwelo kapena m'magawo angati. Ngati lamulolo linabwera pa uthenga wolembedwa, usungeni ndi kuusindikiza. Ngati linali la pakamwa, ganizirani zina zolichirikiza, monga ngati kale munatumizapo ndalama kwa kapitawo yemweyo bwanayo n'kuiwerengera, kapena ngati amisiri analipidwa tsiku lotsatira kuchokera ku ndalamayo. Pitaninso msanga kukampani ya foni mukapemphe sitetimenti ya akaunti yanu ya mwezi umenewo, chifukwa mauthenga a pafoni amafufutika ndipo mafoni amatayika. Umboni wonsewu simuulemba m'chikalata chodzitetezera, chimene chimafuna mfundo zokha mwachidule. Malo ake ndi mndandanda wa zikalata umene umapita limodzi ndi yankho lanu, ndipo pambuyo pake mawu olembedwa a mboni.

Denga ndilo lili ndi msampha wa kalembedwe. Mukachotsa K12,000,000 pa K18,000,000 patsala K6,000,000, ndipo n'kosavuta kulemba kuti "woyankha akuvomera kuti ali ndi ngongole ya K6,000,000" n'kudzatchula za denga patsamba lina. Mukatero, wodandaula adzanyamula chiganizo chimenecho chokha n'kukapempha chigamulo cha K6,000,000, ndipo inu mudzakhala mukufotokoza kuti simunatanthauze zimenezo. Vomerani masamu, osati ngongole: nenani kuti pa mtengo wa pangano panatsala K6,000,000 isanachotsedwe ndalama yokonzera zolakwika, ndipo mu mpweya womwewo nenani kuti mukuchotsapo K1,800,000. Kenako fotokozani cholakwikacho mwatsatanetsatane, chifukwa mawu akuti "ntchito inali yosalongosoka" sapatsa mbali inayo choti iyankhe ndipo sapatsa jaji choti agamule. Nenani chimene mmisiri wokonzayo anapeza, kaya malata sanalumikizane mokwanira, kaya misomali inakhomedwa m'ngalande za malata m'malo mwa pamwamba pa mizere, kaya denga linagona kwambiri moti madzi ankabwerera. Nenani zipinda zimene zinkadontha, mwezi umene munaziona koyamba, tsiku limene munamudziwitsa kontirakitala, ndi zimene anayankha.

Tsiku lomudziwitsalo ndi lofunika kwambiri. Yankho loyamba la womanga aliyense limakhala lakuti "akanandiuza ndikanakonza ndekha ndi ndalama yochepa", ndipo ngati munaitana mmisiri wina osamupatsa mpata, khothi likhoza kuchepetsa ndalama imene mungachotse. Yankho lachiwiri limakhala lakuti malata munagula nokha otsika mtengo iye atakuchenjezani, kapena kuti mphepo ndiyo inasasula. Ife a mu Zomba timaidziwa mvula ya pansi pa phiri ili, ndipo denga lomangidwa muno liyenera kupirira mvula ya Januwale ndi Febuluwale, koma kuti kudonthako kunachokera m'manja mwa womanga muyenera kukhala ndi munthu waluso woti adzachitire umboni. Onetsetsaninso kuti K1,800,000 ndi yokonzera cholakwika chokha. Ngati pokonzapo munasinthanso malata kuika apamwamba kuposa a m'pangano, gawo limenelo musalilowetse, chifukwa lidzagwidwa ndipo lidzadetsa zotsalazo.

Popeza ndalama ya denga ndi yochepa kuposa imene yatsala pa mtengo, kuichotsera pa ngongole n'kokwanira kukutetezani. Komabe ine ndimakonda kuilembanso ngati dandaulo lobwezera kumapeto kwa chikalata chomwecho, makamaka ngati madzi anaononganso siling'i, penti kapena katundu wa m'nyumba, chifukwa dandaulo lobwezera limaima palokha ngakhale wodandaula atausiya mlandu wake panjira. Ngati ziwonongeko zoterezi zilipo ndipo mukufuna kuzichotsanso, ziwerengereni musanalembe nambala yovomera, chifukwa zidzaitsitsa.

Zonsezi zikatha, pamabwera ndime imene ndimaitenga ngati msana wa chikalata chonse:

"Potengera ndime zili pamwambazi, woyankha akuvomera kuti ali ndi ngongole ya K4,200,000 yokha kwa wodandaula, yomwe ndi K18,000,000 kuchotsapo K12,000,000 imene inalipidwa ndi K1,800,000 yokonzera denga. Woyankha akukana kuti ali ndi mangawa pa K7,300,000 yotsalayo kapena gawo lake lililonse."

Chiwongoladzanja musachilumphe, popeza chimene simunachikane mwachivomera. Ngati pangano lanu silikutchula chiwongoladzanja, nenani kuti simunagwirizane chilichonse, ndipo tsutsani mlingo umene akufuna ndi tsiku limene akuyambira kuwerengera. Koma ndisakunamizeni: khothi lalikulu lili ndi mphamvu yoika chiwongoladzanja pa ngongole ngakhale pangano lili chete, ndipo pa K4,200,000 imene mukuvomera kuti mwakhala nayo nthawi yonseyi, mwayi woti aike ndi waukulu. Maloya ambiri amatsekera ndi ndime yakuti chilichonse chimene sichinavomerezedwe mwachindunji chakanidwa. Ikhoza kukhalapo, koma pansi pa malamulo a 2017 musaidalire kuti ikuphimbireni ndime imene mwaiwala kuyankha.

Muyenera kudziwa chimene chidzachitike chikalatachi chikangolowa, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzidzimuka. Kuvomera kolembedwa momveka kumapatsa wodandaula ufulu wopempha chigamulo pa gawo lovomerezedwalo nthawi yomweyo, osadikira kuti zotsalazo zizengedwe. Chigamulo chikatuluka ndipo simunalipire, akhoza kutenga chilolezo choti masherifu alande katundu wanu, kapena choti ndalama za ku akaunti yanu ya kubanki zigwidwe, pamene nkhani ya mpanda isanayambe n'komwe. Ndinathandizapo bambo wina amene anadzilembera yekha yankho labwino ndithu, lovomera gawo la ngongole, koma iye ankaganiza kuti adzalipira mlandu wonse ukadzatha, ndipo anabwera kwa ine masherifu atalemba kale katundu wa m'sitolo yake. Kuvomerako kunali koyenera, chimene chinasowa ndi dongosolo la kalipiridwe. Choncho tsiku limene mukusainira nambala ya K4,200,000, mukhale mukudziwa kumene ichokere. Ngati muli nayo, ilipireni pamodzi ndi yankho lanu. Ngati mulibe yonse, lembani kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, yotchula ndalama ya mwezi uliwonse ndi tsiku lake, ndipo akakana mukhoza kupempha khothi kuti likuloleni kutero mutaonetsa mwa lumbiro zimene mumapeza ndi zimene mumawononga.

Polipirapo samalani zinthu ziwiri. Lipirani kudzera kwa loya wake kapena ku akaunti imene loyayo wakulemberani, ndipo mulandire lisiti, kuti nkhani ya kapitawo isabadwenso kachiwiri. Komanso ndalamayo ipite ndi kalata yonena kuti ndi ya gawo lovomerezedwa m'ndime yakutiyakuti ya chikalata chanu, ndipo kuti kulipirako sikukutanthauza kuvomera zotsalazo. Chifukwa chake n'chakuti wolipira akapanda kunena ngongole imene akulipira, wolandirayo ali ndi ufulu wosankha poiika, ndipo kontirakitala wochenjera akhoza kunena kuti K3,500,000 mwa ndalamayo waiwerengera ku mpanda.

Mwina mukudzifunsa kuti, ngati kuvomera kumaitana chigamulo msanga chotere, bwanji osangokana n'kupeza nthawi. Kupatulapo kuti kukana chinthu chimene mukudziwa kuti n'choona n'kulakwira khothi, ndipo loya woona sangakulembereni, masamu akenso sakukomerani. Ndalama zoyendetsera mlandu kawirikawiri zimagwera wogonja, koma khothi limayang'ananso khalidwe la mbali zonse, amene wapambana pa mfundo iti, ndi ngati panali kuyesa kuthetsa nkhani. Mukalipira K4,200,000 koyambirira n'kudzapambana pa zidutswa zitatu zija, mudzakhala ndi pakamwa ponena kuti kuyambira tsiku lolipiralo mlandu unapitirira pachabe ndipo zowonongedwa zake zigwere iye. Mukakana zonse n'kudzapezeka ndi ngongole ya K4,200,000 yomweyo, iye ndiye wopambana, ndipo mudzalipira ndalamayo, chiwongoladzanja cha nthawi yonse ya mlandu, ndi gawo lalikulu la zolipira loya wake.

Kumbali ina, musavomere mopitirira chifukwa cha manyazi kapena kufuna kuoneka munthu wabwino. Kubweza mawu amene mwavomera m'chikalata cha khothi n'kovuta, kumafuna chilolezo ndi chifukwa chomveka, ndipo ngati chigamulo chatuluka kale pa mawuwo ndiye kwavutiratu. Ngati pali lisiti limene simunalipeze ndipo mukukhulupirira ndi mtima wonse kuti munalipira, lifufuzeni m'masiku 28 amenewa musanakhomere nambala. Ndipo ngati mumtima mwanu mukuganiza kuti mukhoza kuwonjezerapo kenakake pa mpanda kuti nkhani ithe, ganizo limenelo lisalowe m'chikalata chodzitetezera. Malo ake ndi kalata yokambirana, imene loya amailemba ndi mawu pamwamba pake osonyeza kuti singagwiritsidwe ntchito ngati umboni wa kuvomera, kapena pa mkhalapakati. M'khothi lalikulu milandu yambiri yotere imayamba yapita kwa jaji wokhala mkhalapakati isanazengedwe, ndipo zolankhulidwa kumeneko n'zachinsinsi. Kufikira nthawi imeneyo, lekani kutumizirana naye mauthenga opepesa pafoni, chifukwa uthenga wakuti "ndikudziwa ndakuchedwetsani, ndikupatsani zanu zonse" udzasindikizidwa n'kuikidwa pambali pa chikalata chanu.

Malamulo amakulolani kudziyankhira nokha, koma pa mlandu wa kukula uku ndikanakonda loya aone chikalatacho chisanalowe, ngakhale mutamulipira pa ntchito yokhayo yolemba. Ngati simungakwanitse, bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu ochepekedwa, lomwe ambiri amangoti Ligo Edi, lili ndi ofesi muno mu Zomba, ndipo amayamba aona kapezedwe kanu asanakulandireni. Popita kumeneko nyamulani chisamani ndi zonse zinabwera nacho, pangano ndi pulani, malisiti onse, sitetimenti ya pafoni, zithunzi za denga lisanakonzedwe, ndi lisiti la mmisiri amene analikonza. Chikalata chikasainidwa, chiperekeni ku ofesi ya khothi imene yalembedwa pa chisamani, mulipire ndalama yolembetsera, ndipo kope yodindidwa mukaisiye kwa loya wa wodandaula, amene akusainireni pa kope yanu ndi kulembapo tsiku, chifukwa kupereka kukhothi kokha osapatsa mbali inayo sikukwaniritsa lamulo. Mmisiri wa denga uja mulankhule naye sabata ino, akulembereni zimene anapeza akadazikumbukira, ndipo mutenge nambala ya m'bale wake, chifukwa amisiri amasamuka kutsata ntchito ndipo pofika tsiku lozenga mlandu akhoza kukhala ali ku Lilongwe kapena ku Joni.